Kontilakiti ya intaneti ya masamba 38: ndichotsemo chiyani kuti tiziwalondola bwino asapulaya?

NaJere_Graniteside
Abale anga pagulu pano, ndithandizeni maganizo. Ndimagwira ntchito mu ofesi ya kampani yogulitsa katundu wa hoselo kuno ku Graniteside mu Harare. Intaneti yathu ndi ya faiba, timalipira madola 1,200 a ku America pamwezi, koma mwezi wa Juni yatizunza. Ikaduka sitingatulutse invoisi, ndiye malole amangoima pageti, madalaivala n'kumatikalipira. Bwana andipatsa kontilakiti ya masamba 38 kuti ndichotsemo zimene kampani yotipatsa intaneti inalonjeza, zindapusa zake ndi masiku a malipoti, ndiike mu Excel tiziwalondola mwezi ndi mwezi. Ndapeza kuti analonjeza kuti intaneti izigwira ntchito 99.5 peresenti ya nthawi yonse. Lipoti lawo la Juni lafika dzulo pa 9 Julayi, likuti anakwanitsa 99.65. Koma m'kabuku kamene timalembamo ikaduka, ndikupeza mphindi 950, pafupifupi maola 16. Zikugwirizana bwanji zimenezi? Ndipo patebulopo ndilembe chiyani kupatula 99.5 yomweyo?

Tsabola_Wakale
Masamu ake ndi osavuta, achemwali. Juni ali ndi masiku 30, ndiye mphindi zonse ndi 43,200. Theka la peresenti imodzi ndi mphindi 216, kapena kuti maola atatu ndi mphindi 36. Zimenezo ndi zomwe amaloledwa kuduka. Inu mwapeza 950, ndiye ali pa 97.8 peresenti. Alephera kutalitali. Chotsani chindapusa pa invoisi ya mwezi uno, musawanyengerere.

Kangaude
A Tsabola, masamuwo mwakhoza, koma malangizo omalizawo angawaike mayiwa m'mavuto. Kudula nokha ndalama pa invoisi, ngati kontilakiti sikukulolani, ndinu amene mumasanduka wangongole, ndipo iwo amapeza chifukwa chokudulirani intaneti. Komanso mphindi 950 zija ndi za m'kabuku ka ofesi. Kontilakiti ili ndi kawerengedwe kake. A NaJere, musanalembe chilichonse, tsegulani fayiloyo pakompyuta, dinani `Ctrl+F`, mufufuze mawu awa limodzilimodzi: `Availability`, `Downtime`, `Excluded`, `Planned Maintenance`, `Service Credit`, `Business Day`, `precedence`. Paliponse pamene lapezeka, lembani nambala ya ndime. Mubwere mutiuze makamaka mmene afotokozera `Downtime`.

Amalume_Highfield
Ine nkhani ya makontilakiti ndinaiona kale. Mphwanga anagwira ntchito zaka zambiri pa kontilakiti ya miyezi itatuitatu, tsiku lomuchotsa sanalandire kanthu. Mwana wanga, werenga bwino usanasaine, ndipo ukhale ndi kope yako kunyumba.

MwanaWaKuDedza
Amalume, iyi si kontilakiti yolembedwa ntchito ayi. Ndi ya pakati pa kampani yawo ndi kampani yowapatsa intaneti. Koma za mphwanuyo n'zomvetsa chisoni, tsegulani nkhani yake payokha, alipo pano odziwa malamulo a ntchito.

Amalume_Highfield
Oho, ndamva tsopano. Komabe kope akhale nayo.

NaJere_Graniteside
Zikomo amalume, kope ilipo. A Kangaude, ndafufuza. 99.5 ija ili mu `Schedule 2`, kumapeto, ndipo akuti amawerenga pa mwezi wa pakalendala, usana ndi usiku. Koma tanthauzo la `Downtime` lili kutsogolo, pa ndime 1.1. Akuti nthawi imayamba kuwerengedwa pamene kasitomala watsegulitsa tikiti ku ofesi yawo yolandira madandaulo, pa foni kapena pa imelo, n'kupatsidwa nambala ya tikiti, kapena pamene iwo eni atsegula tikiti. Imatha pamene intaneti yabwerera. Ndiye pali ndime 7.3 ya zinthu zosawerengedwa: kukonza kokonzeratu, vuto la magetsi kapena zipangizo za kasitomala, ndi ngozi zimene munthu sangazipewe.

Kangaude
Eya, mwafika pamene pagona nkhani. Nambala ya 99.5 payokha ili ngati kugwirizana mtengo wa chimanga pa ndowa musanaione ndowayo. Chifukwa chake ine patebulo langa lonjezo lililonse limatenga mzere umodzi, koma mzerewo ndi wautali. Ndimalemba lonjezolo ndi nambala yake, kenako nyengo imene amaliyezera, kaya ndi mwezi, miyezi itatu kapena chaka. Ndimalemba chimene chimayambitsa wotchi ndi chimene chimaiimitsa. Ndimalemba zosawerengedwa, aliyense ndi malire ake. Kenako amene amayeza ndi ndani, chindapusa chake, tsiku lomaliza kuchipempha, ndi nambala ya ndime pa chilichonse mwa zimenezi. Nambala ya ndimeyo musaisiye, chifukwa tsiku la mkangano simudzakhala ndi nthawi yowerenganso masamba 38.

Za nyengo yoyezera ndiziwonjezere, poti anthu amaziderera. Inu muli ndi mwayi kuti yanu ndi ya mwezi. Akanalemba 99.5 pa miyezi itatu, masiku 90, akanaloledwa mphindi 648. Intaneti ikanatha kuduka kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo tsiku limodzi, ntchito yonse itaima, iwo n'kukhalabe osalakwa ngati masiku enawo inayenda bwino.

Tsopano tiuzeni za m'kabuku kaja, kuduka kulikonse pakokha, tsiku, nthawi yoyamba, nthawi yotha, ndi nambala ya tikiti ngati ilipo.

NaJere_Graniteside
Inaduka kanayi. Pa 4 Juni inaduka 9:10 m'mawa, inabwerera 2:10 masana, mphindi 300. Tsiku limenelo mnyamata wathu woona za makompyuta anatumizira uthenga wa pa WhatsApp kwa tekinishani amene amabwera kuno nthawi zonse, cha m'ma 9:20. Tekinishaniyo anayankha kuti akubwera. Foni ya ku ofesi ya madandaulo inaimbidwa 11:40, ndiye tikiti inatsegulidwa nthawi imeneyo. Pa 13 Juni usiku anali kukonza, kuyambira 12 koloko pakati pa usiku mpaka 5:30 m'mawa, mphindi 330. Ife timayamba kukweza katundu 4 koloko m'bandakucha, ndiye zinatikhudza. Pa 21 Juni magetsi anathima, jenereta yathu inakana kuliza kwa maola awiri, mphindi 120. Pa 24 Juni magetsi anathimanso dera lonse, jenereta yathu inali kuyenda bwinobwino, rauta ikuyaka, koma intaneti kunalibe kwa mphindi 200. Ulendo umenewo tikiti tinatsegula pompo.

Chitedze
Za pa 21 zichotseni msanga. Jenereta ndi yanu, vuto ndi lanu. Mukazisiya m'kalata, adzagwira pomwepo n'kunena kuti kabuku kanu konse n'kosadalirika.

Kangaude
A Chitedze anena zoona. Ndipo za pa 4 Juni zitsika kuchoka pa 300 kufika pa 150, chifukwa wotchi ya kontilakiti inayamba 11:40, osati 9:10. Onani tsono: mphindi 150 pa 43,200 zikupereka 99.65 peresenti. Ndi nambala yeniyeni ya pa lipoti lawo. Ndiye tadziwa mmene awerengera. Atenga za pa 4 Juni zokha, zina zitatuzo azitaya. Funso latsala ndi lakuti kodi za pa 13 ndi za pa 24 anali ndi ufulu wozitaya?

Tsabola_Wakale
Apa ndiye sindikugwirizana nanu. Tekinishani ndi wantchito wawo. Anauzidwa 9:20, anayankha. Kampani inadziwa. Munthu ungataye bwanji mphindi 140 chifukwa choti unagogoda pakhomo lolakwika la nyumba yomweyo?

Kangaude
Zimapweteka, koma munasainira zimenezo. Mukhoza kuzitchula m'kalata ngati dandaulo, mwina angakumvereni chisoni, koma musaziike m'masamu anu. Chofunika ndi kumata pepala pafupi ndi rauta, lokhala ndi nambala ya foni ya madandaulo, imelo yake, nambala ya akaunti yanu, ndi mawu akuti tikiti poyamba, tekinishani pambuyo. Aliyense amene ali pa ntchito nthawi imeneyo, ngakhale kalaliki wa usiku, azitha kuimba n'kulemba nambala ya tikiti m'kabuku.

Tsabola_Wakale
Ine ndikanaziikabe. Akakana akane, koma aone kuti tikudziwa.

Mlonda_Wamkulu_Msasa
Ine ndili mbali inayo, ndimayang'anira alonda pa kampani ya zachitetezo, ndiye ndife timalipitsidwa zindapusa. Ku Msasa tili ndi kasitomala amene kontilakiti yake imati galimoto yathu ifike pasanathe mphindi 15 alamu ikalira. Mkangano wathu wa mwezi ndi mwezi ndi womwewu wa wotchi. Iye amawerenga kuyambira pamene alamu yalira pa fakitale, ife kuyambira pamene chizindikiro chafika ku chipinda chathu choyang'anira. Nthawi zina pamakhala kusiyana kwa mphindi zingapo netiweki ikavuta. Ndipo kufika n'kufika pageti kapena kulowa mkati? Mlonda wa pageti akachedwa ndi makiyi, mlandu ndi wa ndani? Tinachita kukhala pansi n'kulemba kalata yowonjezera, mbali zonse n'kusaina. Kuyambira pamenepo tikumvana, ngakhale mtima wake sunakhutire kwenikweni.

MwanaWaKuDedza
Mphindi 15 pa msewu wa Mutare nthawi yoweruka? Ndi makombi aja? Amene anasaina zimenezo sanayendepo pamenepo 5 koloko.

Mlonda_Wamkulu_Msasa
N'chifukwa chake galimoto imodzi imagona komweko, simachoka m'deralo. Mtengo wa kontilakitiyo unakwera chifukwa cha chimenecho. Lonjezo lothina limalipiridwa, achimwene.

NaJere_Graniteside
Ndibwerere ku za pa 13 Juni. Ndime 7.3 ikuti kukonza kokonzeratu kuzichitika pakati pa 12 koloko usiku ndi 4 koloko m'bandakucha, ndipo azitidziwitsa polemba kutatsala masiku asanu ogwira ntchito. Pa lipoti lawo tikiti ya tsiku limenelo, imene anatsegula okha, ikuoneka kuti inatsekedwa `03:30`. Koma kalaliki wathu wa usiku akulumbira kuti inabwerera 5:30, ndipo invoisi yoyamba ya tsikulo inatuluka 5:34.

Kangaude
Yang'anani pa lipoti lomwelo tikiti ya pa 4 Juni. Alemba kuti inatsegulidwa nthawi yanji?

NaJere_Graniteside
Alemba `09:40`, kutsekedwa `12:10`. Koma ife tinaimba 11:40. Dikirani, pamwamba pa kolamu pali timalemba ting'onoting'ono takuti `UTC`.

Kangaude
Ndi zimenezo. Makina awo akulemba nthawi ya `UTC`, imene dziko lonse lapansi limayezerapo nthawi, ndipo nthawi ya kuno ku Zimbabwe, monganso ku Malawi ndi ku Zambia, ili patsogolo ndi maola awiri chaka chonse. `03:30` yawo ndi 5:30 yathu. Wokonza lipoti anaona `03:30`, n'kuganiza kuti anamaliza isanakwane 4 koloko. Sindikunena kuti anachita dala, zimenezi zimachitika kawirikawiri. Koma zikutanthauza kuti anapitirira ndi mphindi 90, ndipo mphindi zimenezo si zokonza zokonzeratu ayi, ziyenera kuwerengedwa. Ndiye 150 kuphatikiza 90 ndi 240. Zapitirira 216. Ali pa 99.44 peresenti, alephera, ndipo umboni wake ndi lipoti lawo lomwe. Patebulo panu onjezani malo olemba kuti nthawi ya m'kontilakiti ndi ya kuti, ndi ya pa lipoti ndi ya kuti.

Tsopano fufuzani imelo imene anakudziwitsirani za kukonzako. Inafika liti?

NaJere_Graniteside
Lachitatu pa 11 Juni masana. Kukonza kunachitika usiku wolowera Lachisanu pa 13.

Chitedze
Masiku asanu ogwira ntchito sanakwane, ngakhale muwerenge mowakomera chotani. Ndiye mphindi zonse 330 zilowe.

Kangaude
Zitengera mmene ndimeyo yalembedwera, a Chitedze. Ngati ikunena kuti kukonza kokonzeratu ndi kumene kasitomala wadziwitsidwa kutatsala masiku asanu, ndiye chidziwitso chili mkati mwa tanthauzo, ndipo popanda chidziwitso palibe chotchedwa kukonza kokonzeratu. Zonse 330 ziwerengedwa. Koma ngati ikunena m'chiganizo china chapadera kuti sapulaya adzayesetsa kudziwitsa kutatsala masiku asanu, iwo adzati tinachedwadi kukudziwitsani, pepani, koma kukonzako kunali kokonzeratu ndithu. A NaJere, onani ngati pali mawu akuti `provided that` kapena `reasonable endeavours`.

NaJere_Graniteside
Pali `provided that`, kenako nkhani ya masiku asanuyo.

Kangaude
Mwaima pabwino. Ndiye 150 kuphatikiza 330 ndi 480, kapena kuti 98.89 peresenti. Tiuzeni tsono za zindapusa.

NaJere_Graniteside
Zili mu `Schedule 3`. Akatsika pansi pa 99.5 koma osatsika pansi pa 99.0, amatibwezera 5 peresenti ya malipiro a mwezi. Pansi pa 99.0 mpaka 98.0 ndi 10 peresenti. Pansi pa 98.0 ndi 20 peresenti, ndipo akuti mwezi umodzi sizingapose 20 peresenti. Sapereka ndalama m'manja, amachotsera pa invoisi yotsatira.

Akawuntanti_Mufakose
Ndiye mu Excel muchite chonchi. Mu `A2` tsiku loyamba la mwezi, mu `B2` masiku a mweziwo, mu `C2` mphindi zowerengedwa. Mu `D2` ndi `E2` muike izi:

```
=1-C2/(B2*24*60)
=IF(D2>=0.995,0,IF(D2>=0.99,0.05,IF(D2>=0.98,0.1,0.2)))*1200
```

Mukaika 240 mupeza madola 60. Mukaika 480 mupeza madola 120. Koma onetsetsani kuti 1,200 ndi nambala imene kontilakiti ikunena. Ena amawerengera chindapusa pa malipiro a laini yokhudzidwayo yokha, msonkho usanalowe, osati pa invoisi yonse. Ngati mu 1,200 muli lendi ya rauta kapena msonkho, chindapusa chitsika pang'ono. Komanso muwauze akupatseni pepala lovomerezeka losonyeza kuti achotsa ndalamayo, kuti mabuku anu ndi awo agwirizane.

Tsabola_Wakale
Madola 120 basi? Malole ataima pageti theka la tsiku? Ine ndinawerenga madola 240.

Chitedze
Nanga za pa 24 Juni mwaziiwala? Mphindi 200 zija. Magetsi anathima kwa iwo, osati kwa kasitomala. Mabatire a pa bokosi lawo la mumsewu akatha mphamvu, limenelo ndi vuto lawo. Kuthima kwa magetsi mu Harare muno si ngozi yodzidzimutsa, aliyense amadziwa kuti kumachitika, ndipo wogulitsa intaneti amayenera kukonzekera.

Kangaude
Mtima wanga uli ndi inu, koma ndaonapo makontilakiti amene pa mndandanda wa ngozi zosapeweka analembamo poyera kuthima kwa magetsi a dziko. Ena amati sitiwerenga kuthima kopitirira maola akutiakuti, poti mabatire ali ndi malire. A NaJere awerenge ndime ya `Force Majeure` aone. Koma taonani chinthu china. Mukaphatikiza zonse, 150, 330 ndi 200, mupeza 680, kapena kuti 98.43 peresenti. Mudakali pa 10 peresenti yomwe ija, madola 120. Kuti mufike pa 20 peresenti pafunika mphindi zopitirira 864, ndipo simufikapo. Ndiye mwezi uno mkangano wa pa 24 sukuwonjezerani ndi senti yomwe. Ine ndikanatsogoza nkhani ya imelo ya pa 11 Juni, imene ili ndi tsiku losatsutsika. Za pa 24 ndikanazilemba m'kalata momwemo kuti sitikuvomereza kuti zichotsedwe, ndi kupempha afotokoze polemba chimene chinachitika.

Ndipo pali msampha wina ngati mutadalira za pa 24 zokha. 150, 90 ndi 200 ndi 440, zomwe ndi 98.98 peresenti. Akazungulitsa nambalayo kusiya imodzi yokha pambuyo pa kadontho, ikhala 99.0, mwagwera pa 5 peresenti. Fufuzani mawu akuti `rounded`. Ngati palibe, musazungulitse, ndipo mu Excel `D2` ikhale ya peresenti, muzionetsa manambala awiri pambuyo pa kadontho.

Chitedze
Ine ndikanalimbana nazo za pa 24 mwezi uno womwe. Mukazilekerera, mwezi wamawa adzachitanso, ndipo adzati munavomereza kale.

Kangaude
N'chifukwa chake ndati zilembedwe m'kalata. Kusiyana kwathu ndi pa chotsogoza basi.

NaJere_Graniteside
Ndime ya `Force Majeure` ikutchula kusefukira kwa madzi, moto, zipolowe, ndi kulephera kwa ntchito za boma zothandiza anthu kumene sapulaya sakanatha kukupewa. Magetsi sanawatchule ndi dzina.

MwanaWaKuDedza
Apo mpofunika loya. Mawu akuti sakanatha kukupewa ndi amene adzakanganirane. Iwo adzati magetsi si athu, inu mudzati mabatire ndi anu.

Akawuntanti_Mufakose
Funso langa ndi lina. Chindapusacho chili m'ndalama iti? Kuyambira pamene ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe, inabwera mu Epulo 2024, ena amalandira invoisi ya madola a ku America koma n'kulipira ina mwa ndalamayo mu ZiG. Ngati ndi choncho, lembani patebulo kuti kubweza kudzakhala m'ndalama iti, ndipo pa mtengo wosinthira wa tsiku liti, la invoisi kapena la kubweza.

NaJere_Graniteside
Ife timalipira madola okhaokha, ndiye pamenepo palibe vuto.

Amalume_Highfield
Ine ndalama zosinthasinthazi zinandidyera penshoni. Ndikakumbukira 2008 mtima umandiwawa. Tinkanyamula ndalama m'chikwama kukagula buledi, kukafika mtengo wasintha.

Mlonda_Wamkulu_Msasa
Musatikumbutse, amalume. Bambo anga chaka chimenecho anatsala pang'ono kubwerera kwawo ku Ntcheu, chinawaletsa ndi ndalama ya basi.

Tsabola_Wakale
Tibwerere kwa achemwaliwa. Ine ndikuti madola 120 ndi chipongwe. Awasumire pa zonse zimene kampani inataya. Ndipo ndinamva kuti zindapusa za m'makontilakiti khoti silizivomereza, ndiye bola kungopita kukapempha chipukuta misozi chenicheni.

Chitedze
Zoti khoti silizivomereza si za kuno, a Tsabola. Ku Zimbabwe kuli lamulo lake, Chaputala 8:04, mukhoza kulipeza mukalemba `Contractual Penalties Act`. Limalola kuti chindapusa chimene munagwirizana chilipidwe, koma khoti lili ndi mphamvu yochichepetsa likaona kuti chakula kwambiri poyerekeza ndi zimene wodandaula anataya. Pa nkhani ya a NaJere palibe angati madola 120 akula. Chotchinga chenicheni chili m'kontilakiti momwemo. Afufuze mawu akuti `sole and exclusive remedy`. Ngati alipo, anagwirizana kuti kubwezeredwa pa invoisi ndiye chipukuta misozi chokhacho pa kuduka kwa intaneti.

NaJere_Graniteside
Alipo, ndime 9.4. Koma ndime 14.2 ikuti akalephera kufika 99.5 miyezi itatu mwa miyezi 12 iliyonse yotsatizana, tikhoza kuthetsa kontilakiti osalipira chindapusa chochokera msanga.

Kangaude
Imeneyo ndiye ndime yamtengo wapatali kuposa madola 120. Kontilakiti yanu yatsala ndi nthawi yaitali bwanji?

NaJere_Graniteside
Miyezi 20. Tikachoka patokha akuti tilipire theka la miyezi yotsala.

Kangaude
Theka la miyezi 20 pa madola 1,200 ndi madola 12,000. Mwaona chifukwa chake Juni ayenera kulembedwa kuti analephera, ngakhale kubweza kukanakhala madola 60 okha? Lipoti la 99.65 likangokhala osatsutsidwa, pa mapepala Juni anayenda bwino, ndipo tsiku limene mudzafune kuchoka mudzapeza kuti mulibe mwezi ndi umodzi womwe wowerengera. Patebulo ikani kolamu yowerenga miyezi yolephera m'miyezi 12 yapitayi. Onaninso ngati ufulu wothetsawo uli ndi tsiku lothera, chifukwa ena amati muugwiritse ntchito pasanathe masiku 30 kuchokera pa kulephera kwachitatu.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa panopa ndi masiku. Lero ndi pa 10 Julayi. Kupempha kubwezeredwa kuli ndi malire anji?

NaJere_Graniteside
Apa ndiye pandisokoneza. Ndime 9.2 ikuti tipemphe polemba pasanathe masiku 30 kuchokera tsiku lolandira lipoti. Koma `Schedule 3` ikuti pasanathe masiku 14 kuchokera kutha kwa mwezi. Ndipo lipoti liyenera kufika pasanathe masiku asanu ogwira ntchito mwezi ukatha.

Akawuntanti_Mufakose
Ndiye lipoti nalo anachedwa nalo. Tsiku lachisanu logwira ntchito linali Lolemba pa 7 Julayi, iwo atumiza pa 9. Tsiku limeneli Excel ikhoza kukuwerengerani mwezi uliwonse:

```
=WORKDAY(EOMONTH(A2,0),5,$H$2:$H$20)
```

Mu `H2` kutsika pansi mulembe maholide a boma. Amene amasuntha tsiku la lipoti kwambiri ndi a kumayambiriro kwa mwezi, monga pa 1 Januwale ndi pa 1 Meyi. Koma onani tanthauzo la `Business Day`, chifukwa ena amawerenga Loweruka ngati tsiku la ntchito, ndipo fomyula imeneyi imalidumpha.

Tsabola_Wakale
Ndime ya mkati imaposa za kumapeto nthawi zonse. Muli ndi masiku 30, musathamange.

Kangaude
Si nthawi zonse. Makontilakiti ambiri amatero, koma ena amati za kumapetozo ndizo zimapambana pa nkhani za muyeso ndi zindapusa. N'chifukwa chake ndinati mufufuze `precedence`. Koma ngakhale mutapeza kuti ndime ya mkati ndiyo ikupambana, musayesere mwayi. Masiku 14 kuchokera pa 30 Juni akutha Lolemba pa 14 Julayi. Kalata ichoke mawa Lachisanu. Patebulo lembani masiku onse awiri, koma belu lokukumbutsani likhale pa loyambalo. Ndipo werengani ndime ya `Notices`. Ngati ikuti kalata ipite ku adiresi yakutiyakuti kapena iperekedwe pamanja, imelo yopita kwa munthu wa zamalonda amene mumacheza naye siikwanira. Mukapereka pamanja, adinde chidindo pa kope yanu.

Mlonda_Wamkulu_Msasa
Monga munthu wolandira makalata otere, ndikupempheni kuti ikhale yaifupi. Tsiku, nambala ya tikiti, mphindi, ndime, ndalama. Ikabwera ya masamba anayi yodzaza ndi mkwiyo imakhala m'tebulo sabata yonse chifukwa palibe afuna kuiyankha. Yaifupi yokhala ndi umboni timaisaina tsiku lomwelo.

MwanaWaKuDedza
Nanga kuchedwa kwa lipoti kuli ndi chindapusa?

NaJere_Graniteside
Palibe, ndayang'ana. Angoti adzatumiza.

Kangaude
Lilembenibe patebulo, tsiku loyenera ndi tsiku lofikira. Kontilakiti ikuti mumakumana kangati kuunika ntchito?

NaJere_Graniteside
Miyezi itatu iliyonse, koma anzanga akuti chisainireni sanakumanepo.

Kangaude
Itanitsani msonkhanowo m'kalata yomweyo. Kumeneko n'kumene mukapemphe kuti lipoti lizibwera ndi nthawi ya kuno, lizionetsa nthawi yotsegula ndi yotseka tikiti iliyonse, ndi chifukwa chimene achotsera mphindi zilizonse. Palinso malonjezo ena amene sitinawakhudze, a nthawi yoyankha ndi nthawi yokonza. Aliyense akhale ndi mzere wakewake. Musawaphatikize, chifukwa kuyankha kukhoza kungokhala imelo yakuti talandira dandaulo lanu.

NaJere_Graniteside
Ndawaona. Vuto lalikulu akuti kuyankha mphindi 30, kukonza maola anayi. Pa 4 Juni anakonza m'maola awiri ndi theka kuchokera pa tikiti, pa 24 maola atatu ndi mphindi 20, ndiye pamenepo sanalephere. Ndalemba kalata, ndaika mphindi 480 ndi madola 120, ndatchula ndime 1.1, 7.3 ndi 9.2, ndamata imelo ya pa 11 Juni, ndipo za pa 24 ndaziika m'ndime yakeyake. Ndime ya `Notices` ikufuna pamanja, ndiye mesenjala apita nayo m'mawa. Bwana akuti nkhani ya mabatire akafunsa loya wa kampani. Chimene sindinapeze ndi ndime ya `precedence`, mawuwo sakupezeka paliponse.

Chitedze
Yesani `conflict` kapena `inconsistency`. Kawirikawiri imabisala pa ndime 1, pansi pa matanthauzo.

Tsabola_Wakale
Mphindi 140 za pa WhatsApp zija mwaziikamo?

NaJere_Graniteside
Ndazitchula m'chiganizo chimodzi, koma m'masamu mulibe. A Chitedze, `conflict` yapezeka pa ndime 1.4, koma ikungonena za kusiyana kwa kontilakiti ndi fomu ya oda, za `Schedule 3` palibe. Ndiye masiku 30 kapena 14, sizikudziwikabe. A Akawuntanti, `Business Day` yawo ikuphatikiza Loweruka mpaka 1 koloko masana. Fomyula ija ndiisinthe bwanji?

Akawuntanti_Mufakose
Gwiritsani iyi, imasiya Lamulungu lokha:

```
=WORKDAY.INTL(EOMONTH(A2,0),5,11,$H$2:$H$20)
```

Ikupatsani Loweruka pa 5 Julayi, ndiye lipoti anachedwa nalo masiku anayi, osati awiri. Onaninso kuti Loweruka limeneli silikusintha nkhani ya imelo ya pa 11 Juni, poti pakati pa Lachitatu ndi Lachisanu palibe Loweruka.